Cholakwa chili pati, n'chachikulu bwanji, nanga choona n'chiti? Memo ya kawuniwuni wa manambala

Mwezi ukatha, pa zipatala zing'onozing'ono za m'dziko muno pamachitika ntchito imene odwala saiona. Kalaliki, namwino kapena mlangizi wa zaumoyo amakhala pansi ndi mabuku akuluakulu a kaundula n'kuyamba kuwerenga mzere ndi mzere. Amafuna kudziwa kuti anayezedwa malungo ndi angati, anawapeza nawo ndi angati, ana amene analandira katemera ndi angati, ndiponso kuti m'famase mwatsala mankhwala ochuluka bwanji. Zimene wapezazo amazilemba pa mafomu a lipoti la pamwezi. Mafomuwo amapita ku ofesi ya zaumoyo ya boma, ndipo manambala ake amalowetsedwa m'kompyuta, m'pulogalamu yotchedwa DHIS2, imene inapangidwa ku yunivesite ya Oslo ku Norway ndipo Unduna wa Zaumoyo unayamba kuigwiritsa ntchito mu 2012.

Nambala imodzi imadutsa m'manja angapo isanafike kwa amene amagamula zinthu, ndipo dzanja lililonse likhoza kuphonya. N'chifukwa chake nthawi ndi nthawi kumabwera gulu lodzachita kawuniwuni. Anthuwa amatsegulanso kaundula, amawerenga okha, kenako amafananiza zimene apeza ndi zimene zinalembedwa mu lipoti. Ntchitoyi ndi yotopetsa, koma si pamene pamagona vuto. Vuto limabwera madzulo, pamene wina ayenera kulemba memo yofotokoza zimene zapezeka. Ndi pa kapepala kameneka pamene thukuta la tsiku lonse limapindula kapena kupita pachabe.

Memo zambiri zimanena kuti malipoti ali ndi zolakwika zingapo, makamaka mbali ya malungo, ndipo ogwira ntchito akulimbikitsidwa kukhala osamala. Mawu oterewa ndi aulemu ndithu, koma a inchaji akawerenga sadziwa poyambira. Zili ngati kuitana mmisiri n'kumuuza kuti denga likudontha, osamulozera lata lobooka. Memo yothandiza imayankha mafunso atatu pa cholakwa chilichonse. Chili pati? N'chachikulu bwanji? Nanga nambala yoona ndi iti?

Kuti tione bwino mmene zimayendera, tiyeni titenge chipatala chongoyerekezera, ndi manambala ongoyerekezeranso. Tinene kuti gulu lawunika malipoti a mwezi wa Malichi, nthawi imene malungo amakhala atavuta.

Adiresi ya cholakwa

Pa fomu ya mankhwala, gulu lapeza kuti bokosi la katundu wotsala likunena kuti mapaketi a LA a akuluakulu, aja amalembedwa kuti 4x6, atsala 910. LA ndi mankhwala a malungo amene tonse timawadziwa, ndipo amagawidwa potengera kulemera kwa munthu; a 4x6 ndi a munthu wa makilogalamu 35 kupita m'mwamba. Atatsegula khadi la sitoko, mzere wa pa 31 Malichi ukunena 190. Atalowa m'famase n'kuwerenga mapaketiwo ndi manja, n'kuwonjezerapo amene atuluka chiyambire Epulo n'kuchotsapo amene alowa, nambala ikubwerera pa 190 pomwepo.

Wodziwa ntchito amazindikira msanga mtundu wa cholakwachi. Manambala awiri, 1 ndi 9, anasinthana malo pokopera. Pali kanjira kakale ka owerengera ndalama kozindikirira zimenezi: manambala akasinthana malo, kusiyana kwake kumagawika ndi 9 popanda chotsala. Apa kusiyana ndi 720, ndipo 720 kugawa ndi 9 ndi 80. Kanjiraka si umboni paokha, koma kamakuuza koyang'ana.

Tsono cholakwachi chikalowa mu memo, chiyenera kulembedwa motere:

"Na. 1. Lipoti la mankhwala, Malichi, mzere wa LA 4x6, bokosi la katundu wotsala. Zolembedwa: 910. Zoona: 190. Umboni: khadi la sitoko la LA 4x6, mzere wa pa 31 Malichi, ndiponso kuwerenga katundu m'famase. Kukula kwake: chachikulu. Gwero: manambala anasinthana pokopera kuchoka pa khadi. M'kompyuta namonso mwalowa 910."

Taonani kuti malo atchulidwa kawiri. Pali pamene cholakwa chikuonekera, pamene ndi pa bokosi la pa fomu, ndiye pali pamene choona chikupezeka, pamene ndi pa khadi la sitoko. Olemba ambiri amatchula malo amodzi okha. Akatchula bokosi lokha, wokonza amayenera kungokhulupirira mawu awo. Akatchula khadi lokha, wokonza amayamba kusakasaka pa fomu. Muyeso wabwino ndi uwu: munthu amene panalibe tsiku la kawuniwunilo, atapatsidwa memo ndi mabuku, aloze chala pa cholakwacho mphindi imodzi isanathe, osaimbira foni aliyense.

Mawu omaliza aja, onena za m'kompyuta, nawonso ndi mbali ya adiresi. Lipoti limodzi limakhala m'malo atatu: kope yotsala pa chipatala, kope imene inapita ku boma, ndi zimene zinalowetsedwa mu DHIS2. Nthawi zina pepala limakhala lolondola koma wolowetsa ndiye anaphonya batani. Nthawi zina cholakwa chinayambira pa pepala n'kuyenda ulendo wonse. Memo ikapanda kunena kuti nambala yolakwikayo yafika mpaka pati, pepala la pa chipatala limakonzedwa bwinobwino pamene ku likulu akuonabe 910.

Kufunika kwa adiresi yeniyeni kunaonekera poyera pa nkhani ina ya ku America. Mu 2010 akatswiri awiri a zachuma a ku yunivesite ya Harvard, Carmen Reinhart ndi Kenneth Rogoff, anatulutsa kafukufuku wonena kuti mayiko amene ngongole zawo zapitirira 90 peresenti ya chuma chawo cha pachaka, chuma chawocho sichikula. Iwo anapeza kuti chimabwerera m'mbuyo ndi 0.1 peresenti. Andale ambiri ankatchula kafukufukuyu pofuna kudula ndalama zimene maboma amagwiritsa ntchito. Mu 2013 wophunzira wina wa ku yunivesite ya Massachusetts Amherst, Thomas Herndon, pamodzi ndi aphunzitsi ake Michael Ash ndi Robert Pollin, anapempha fayilo ya Excel ya akatswiriwo n'kuiwunika. Sanangonena kuti muli zolakwika. Analoza kuti masamu ophatikiza anathera pa mzere 44 m'malo mwa mzere 49, moti mayiko asanu, Australia, Austria, Belgium, Canada ndi Denmark, anatsala kunja. Anaperekanso nambala yokonzedwa, kuti chuma cha mayiko oterewa chimakula ndi 2.2 peresenti. Popeza malo anatchulidwa, aliyense akanatha kutsegula fayiloyo n'kudzionera yekha, ndipo eni ake anavomera kuti pa mizere imeneyo anaphonyadi.

Pa nkhani yomweyi pali china chimene ambiri amaiwala. Cholakwa cha mizere chija ndicho chinatchuka m'manyuzipepala, koma pa kusiyana konse kwa manambala awiriwa, icho chinabweretsa kagawo kochepa chabe, pafupifupi 0.3. Zambiri zinachokera ku zaka zimene akatswiriwo anasiya osaziwerengera ndiponso njira imene anasankha yophatikizira mayiko, ndipo pa mfundo zimenezo eni kafukufuku sanagonje. Cholakwa chooneka msanga si ndicho chimakhala cholemera nthawi zonse, ndipo apa ndi pamene funso lachiwiri likuyambira.

Kulemera kwa cholakwa

Pano ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa ndi pamene olemba memo ambiri amasochera. Chizolowezi n'chakuti kusiyana kukakhala kwa nambala yaikulu, cholakwacho amachitcha chachikulu. Kukakhala kwa nambala yaing'ono, amachitcha chaching'ono. Kaganizidwe kameneka n'kosavuta, koma kamasokeretsa. Funso loyenera ndi lakuti: nambala imeneyi ikapanda kukonzedwa, ndani adzachite chinthu cholakwika chifukwa choikhulupirira?

Tibwerere ku LA uja. Tinene kuti chipatalachi chimatha mapaketi 400 pamwezi. Wowerengera katundu woti atumize amayang'ana zinthu ziwiri, amene amatha pamwezi ndi amene watsala. Akaona 910, amati chipatalachi chili ndi mankhwala opitirira miyezi iwiri, palibe changu. Koma 190 ndi mankhwala a milungu iwiri basi. Ngati cholinga chake n'chakuti chipatala chikhale ndi katundu wa miyezi itatu, amene ndi mapaketi 1,200, adzatumiza 290 pamene anayenera kutumiza 1,010. Mapeto ake ndi mayi amene wayenda mtunda wautali thupi likuwotcha n'kuuzidwa kuti akagule ku golosale. Cholakwachi n'chachikulu chifukwa chimenechi, osati chifukwa 720 ndi nambala yonenepa.

Tsono taonani cholakwa chachiwiri. Lipoti likunena kuti anthu 1,184 anayezedwa malungo, ndipo 512 anawapeza nawo. Gulu litawerenganso lapeza 1,262 ndi 549. Atafufuza, apeza kuti masamba awiri a kaundula anamatana, wowerenga n'kuwadumpha. Anthu 78 asowa mu lipoti, ndipo 37 mwa iwo anali ndi malungo.

Pali muyeso umene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza pa kawuniwuni wotere. Umatenga nambala imene wawerenganso n'kuigawa ndi nambala imene inalembedwa mu lipoti. Yankho likakhala 1, zonse zikugwirizana. Likaposa 1, lipoti linachepetsa. Likachepera 1, lipoti linachulukitsa. Kawirikawiri yankho la pakati pa 0.9 ndi 1.1 limaonedwa kuti ndi lopiririka. Apa 1,262 kugawa ndi 1,184 ndi 1.07, ndipo 549 kugawa ndi 512 ndi 1.07 yemweyo. Tikafunsanso kuti mwa anthu 100 alionse oyezedwa ndi angati anali ndi malungo, lipoti likupereka 43.2 pamene zoona ndi 43.5. Chithunzi cha mmene malungo alili m'deralo sichinasinthe kwenikweni. Cholakwachi chiyenera kukonzedwa, ndipo gwero lake liyenera kutchulidwa kuti masamba azilembedwa manambala, koma palibe amene asowe mankhwala mawa chifukwa cha icho. Malo ake ndi apakatikati.

Cholakwa chachitatu kusiyana kwake ndi 1 yekha. Pa lipoti la ku chipinda cha amayi oyembekezera, bokosi la amayi omwalira chifukwa cha uchembere palembedwa 0. M'kaundula muli mzere umodzi wosonyeza kuti mayi wina anamwalira atangochira, akudikira galimoto yopita naye ku chipatala chachikulu. Wina woyang'ana kukula kwa manambala okha angachiike pansi penipeni pa mndandanda, kumunsi kwa 78 ndi 720. Kumeneko kungakhale kulakwa koopsa. Imfa iliyonse ya mayi pa uchembere imayenera kunenedwa ndi kuunikidwa, kuti adziwe chimene chinavuta, kaya ndi mayendedwe, magazi, kapena kuchedwa kuzindikira vuto. Bokosi likanena 0, kuunikako sikuchitika, ndipo chimene chinapha mayiyo chimakhala chikudikira wina. Muyeso wa WHO uja pano sugwiranso ntchito, chifukwa sungagawe nambala ndi 0. Cholakwa chimenechi chiyenera kukhala pamwamba penipeni pa memo, ndipo sichiyenera kudikira kuti memo itayipidwe. Foni iimbidwe tsiku lomwelo.

Chachinayi n'chobisika kwambiri, chifukwa ukaphatikiza manambala zonse zimaoneka bwino. Katemera wa Penta amaperekedwa katatu, mwana akakwana milungu 6, 10 ndi 14. Lipoti likunena kuti ana 96 analandira woyamba ndipo 118 analandira wachitatu. Pa pepala lochongapo tsiku ndi tsiku zili mosemphana: woyamba 118, wachitatu 96. Wolemba anasinthanitsa mabokosi. Onse pamodzi ndi 214 mbali zonse ziwiri, moti woyang'ana chiwerengero chonse sangaone kanthu. Chimene chimadzutsa wodziwa ntchito n'chakuti omaliza katemera aposa oyamba. Zimenezi zikhoza kuchitika mwezi umodzi, koma zimafuna kufunsa. Manambala akabwerera m'malo mwake, pakuoneka mpata wa ana 22, pafupifupi 19 mwa 100 alionse, chizindikiro chakuti ana ambiri akuyamba katemera koma osamaliza. Lipoti lolakwikalo likanachititsa kuti chipatala chiyamikiridwe, pamene alangizi a zaumoyo anayenera kulowa m'midzi kukafufuza anawo. Ineyo ndingachiike m'gulu la zazikulu, ngakhale wina angatsutse kuti n'chapakati. Kutsutsana kotere n'kwabwino, bola memo inene chifukwa chimene yachiikira pamene yachiikapo.

Ndiye pamakhala tina ting'onoting'ono, monga tsiku losalembedwa pa fomu kapena dzina la mudzi lolembedwa mosiyanasiyana. Timeneti tilembedwe mwachidule kumapeto.

Magulu atatu amakwana. Chachikulu ndi chimene chingachititse kuti munthu asowe thandizo, ndalama kapena katundu apite kolakwika, kapena chigamulo chisinthe. Chapakati chimasintha nambala koma osasintha chigamulo. Chaching'ono sichisintha nambala iliyonse. Matanthauzo amenewa alembedwe pa memo pomwepo, m'mizere itatu, ndipo agwirizanidwe kawuniwuni asanayambe. Akapangidwa pambuyo, pamakhala chiyeso chowapinda kuti zinthu zioneke bwino kapena kuti wina aoneke woipa. Ndipo memo imene yatcha chilichonse kuti n'chachikulu yalephera ntchito yake mofanana ndi imene sinayeze chilichonse, chifukwa a inchaji ali ndi manja awiri okha ndi odwala pa mzere. Ayenera kuuzidwa choyambira.

Nambala yoona, ndi pamene palibe

Funso lachitatu limaoneka lophweka, koma lili ndi misampha yake. Woyamba n'ngwakuti wowunika nayenso ndi munthu. Iyenso akhoza kudumpha tsamba. Asanalembe kuti zoona ndi 1,262, munthu wachiwiri awerenge payekha osauzidwa zimene woyamba wapeza. Akasiyana, awerengenso limodzi mpaka agwirizane. Palibe chochititsa manyazi ngati kusintha nambala yolondola n'kuikapo yolakwika, sitampu ya boma ili pamwamba.

Msampha wachiwiri ndi kulemba nambala yatsopano yokha. Memo ionetse zonse ziwiri, yakale ndi yatsopano, moyandikana. Wokonza akafika pa bokosi n'kupeza 910, amatsimikiza kuti wafika pamalo oyenera. Akapeza nambala ina, amadziwa kuti wina wagwirapo kale kapena watsegula mwezi wolakwika, ndipo amaima kaye.

Wachitatu ndi kuiwala kuti nambala imodzi imakoka zinzake. Ukasintha oyezedwa malungo kuchoka pa 1,184 kufika pa 1,262, chiwerengero cha miyezi itatu chimasinthanso, ndipo tizipangizo toyezera malungo timene tinagwiritsidwa ntchito tiyenera kugwirizana ndi nambala yatsopanoyo. Memo yabwino imatchula mabokosi ena amene akhudzidwa, apo ayi mwezi wamawa wina adzapeza kusagwirizana kwatsopano kumene kwabadwa chifukwa cha kukonzako.

Nanga ngati nambala yoona siikupezeka? Tinene kuti tsamba lina la kaundula linanyowa ndi mvula ndipo inki inafufutika pa mizere khumi ndi iwiri. Apa chiyeso chimakhala chakuti ungoyerekeza, poti bokosi lopanda kanthu limaoneka ngati ulesi. Usayerekeze. Lemba kuti nambala siinatsimikizike, unene chifukwa chake, unene imene ikuwerengeka bwinobwino, ndiponso kumene umboni wina ungapezeke, monga m'buku la ku labu kapena la ku famase. Nambala yongopeka ikalowa m'kompyuta imafanana ndendende ndi yoona, ndipo pakatha miyezi isanu ndi umodzi palibe amene angazisiyanitse.

Pa kakonzedwe ka pepala lenilenilo, ife Amalawi tili ndi phunziro limene sitifunika kukalitenga kunja. Pa chisankho cha pa 21 Meyi 2019, mapepala ambiri a zotsatira anafufutidwa ndi tipeksi n'kulembedwanso manambala ena. Pa 3 Febuluwale 2020, khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti, ndipo kufufutako kunali chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu. Kaya wofufutayo anali ndi cholinga chabwino chokonza masamu kapena ayi, tipeksi amakwirira nambala yoyamba, osasiya dzina la wosintha, tsiku, kapena chifukwa. Njira yoyenera ndi kudula nambala yolakwika ndi mzere umodzi woti iziwerengekabe, kulemba yoona pambali pake, kusaina, kulemba tsiku, ndi kutchula nambala ya cholakwacho monga ilili mu memo. Potero pepala ndi memo zimalozerana, ndipo wobwera m'tsogolo akhoza kutsata mapazi onse.

Tsamba loyamba ndi la bwana wotanganidwa

Memo imawerengedwa ndi anthu a mitundu iwiri. Wina ndi wokonza, amene amafuna tsatanetsatane yense. Wina ndi mkulu amene ali ndi mphindi ziwiri asanalowe mu msonkhano. Wachiwiriyu apatsidwe zake pamwamba, m'ziganizo zinayi kapena zisanu. Pa chitsanzo chathuchi zikhoza kumveka chonchi:

"Tawunika malipoti anayi a mwezi wa Malichi powafananiza ndi kaundula ndi makhadi a sitoko. Tapeza zolakwa zisanu ndi ziwiri: zazikulu zitatu, chapakati chimodzi, zing'onozing'ono zitatu, ndipo nambala imodzi siinatsimikizike. Zofunika kuchitapo kanthu sabata ino ndi imfa ya mayi imene siinanenedwe ndiponso LA wa akuluakulu amene watsala wa milungu iwiri yokha. Malipoti a chifuwa chachikulu ndi a kulera sitinawaone."

Chiganizo chomalizacho musachione mopepuka. Memo ikapanda kunena zimene sizinawunikidwe, wowerenga amaganiza kuti chilichonse chosatchulidwa chili bwino. Chimodzimodzinso ngati gulu linangosankha masamba ena osawerenga buku lonse, linene kuti ndi masamba angati mwa angati. Zolakwa zisanu m'mizere makumi asanu ndi nkhani ina, zolakwa zisanu m'mizere zikwi zisanu ndi nkhani inanso.

Pansi pa chidulecho pamabwera tebulo, mzere umodzi cholakwa chimodzi, kuyambira cholemera kwambiri kutsika m'munsi. Ambiri amandandalika motsatira mmene anazipezera, moti imfa ya mayi imakapezeka pa nambala 6, kuseri kwa tsiku losalembedwa. Asaphatikizenso zolakwa ziwiri mu mzere umodzi, chifukwa chimodzi chikakonzedwa mzere wonse umachongedwa ndipo chinacho chimaiwalika. Kumapeto kwa mzere uliwonse kukhale udindo wa woyenera kukonza, tsiku lomalizira, ndi kabokosi kosonyeza ngati zakonzedwa.

Ndanena udindo, sindinanene dzina, ndipo ndachita dala. Memo imeneyi si kalata yodzudzula. Ikangosanduka mndandanda wa anthu olakwa, ulendo wotsatira kaundula amasowa, kiyi wa kabati amakhala wapita ndi munthu amene ali patchuthi, ndipo anthu amaphunzira kubisa m'malo mokonza. Kulemba kuti masamba 47 ndi 48 anadumphidwa chifukwa anamatana kumathandiza kwambiri kuposa kulemba kuti kalaliki ndi wosasamala, chifukwa koyambako kukuloza chochita. Kawirikawiri kalaliki ameneyo amakhala yekha, akuwerenga mizere chikwi ndi tochi ya pa foni magetsi atazima, lipoti likufunidwa mawa lake. Ngati pali zizindikiro zakuti wina anasintha manambala dala kuti abise katundu wosowa, imeneyo ndi nkhani ina yokhala ndi njira yakeyake. Memo ingonena zimene mabuku akuonetsa n'kupempha kuti zifufuzidwe. Mayina a odwala nawo asalowemo n'komwe. Nambala ya tsamba ndi ya mzere zimakwana kulozera mayi uja popanda kuulutsa dzina lake pa pepala limene lidutse m'maofesi angapo.

Memo isanatumizidwe, gulu likhale pansi ndi a inchaji ndi anzawo n'kudutsamo mzere ndi mzere, mabuku ali potsegula. Nthawi zina chimene chimaoneka ngati cholakwa chimakhala ndi yankho. Mwina ana ena analandira katemera ku sikelo ya kumudzi ndipo analembedwa m'buku lina limene gulu silinalione. Namwino akanena kuti, "Bwana, taonani kaye buku ili," mlendo wanzeru amaliona, ndipo ngati namwinoyo akunena zoona, mzerewo umachotsedwa. Zotsalazo mbali zonse ziwiri zimasainira, ndipo kope imodzi imatsala pa chipatalapo.

Kalembedwe kameneka si ka zipatala zokha. Mlembi wa banki m'khonde amene wapeza kuti masheya a membala wina analembedwa molakwika, mphunzitsi wamkulu amene akuwunika malikisi asanapite pa malipoti a ana, kalaliki wa kopaletivi amene akufananiza malisiti a soya ndi buku la sikelo, onsewa akhoza kulemba tsamba limodzi lotere. Mabuku ndiwo amasiyana, koma mafunso ndi omwewo.

Chimene chimalephereka kwambiri ndi sitepe yomaliza. Memo imalembedwa bwino, imasainidwa, imaikidwa mu fayilo, koma palibe amene amabwerera kukaona ngati nambala inasinthadi. Ngati ndinu mumalemba memo zoterezi, ikani tsiku pa kalendala, pakatha sabata kapena ziwiri, loti mudzatsegule fomu ndi kompyuta n'kuona ndi maso anu kuti pamene panali 910 pali 190, kenako muchonge kabokosi kaja. Ngati ndinu mumazilandira, kaya ndinu a inchaji, a komiti ya chipatala kapena apampando a gulu, ndipo mwapatsidwa memo yongonena kuti pali zolakwika zingapo, ibwezeni mwaulemu kwa amene wailemba, mumupemphe akulembereni tsamba ndi mzere, kukula kwa cholakwa, ndi nambala yoona.